Kutuluka m'kontiratu ya intaneti nthawi isanakwane: chindapusa chake n'chingati?

(Nyimbo yotsegulira. Ichepe pang'onopang'ono.)

WOULUTSA: Omvera athu kuno ku Chingodzi, ku Matundo, kutsidya kwa mlatho wa Samora Machel, mpaka ku Moatize, lero tikamba za pepala limene ambiri timasayina tili chiimire, wogulitsa atatigwirira cholembera, kenaka n'kulisunga m'sutikesi osaliwerenganso. Ndi kontiratu ya intaneti ya pakhomo kapena pashopu, ija imakumangani chaka chimodzi kapena ziwiri. Mukafuna kuchoka nthawi isanakwane, amakuuzani kuti mulipire chindapusa, chimene ena timangoti muluta. Mu situdiyo muno ndili ndi amayi amene agwira ntchito yowerengetsa ndalama za mabizinesi ang'onoang'ono mumzinda uno wa Tete kwa zaka zambiri, ndipo makalata odandaula alemba osawerengeka. Amayi, takulandirani.

MLENDO: Zikomo achimwene. Moni kwa onse amene akutimvera.

WOULUTSA: Ndiyambe ndi funso limene wina angafunse ali pa njinga yamoto. Ife ambiri timagula mabandulo a tsiku kapena a sabata pafoni, a Vodacom, a Movitel, a Tmcel, kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola. Nkhaniyi ikutikhudza?

MLENDO: Amene amagula bandulo n'kuigwiritsa ntchito mpaka itatha alibe nkhawa imeneyi. Zili ngati magetsi a Credelec: mayunitsi akatha, nyumba yada, koma palibe amene akulondolani. Nkhani ya lero ndi ya amene analumikizidwa waya kapena anaikiridwa kambale padenga, amalandira fatura mwezi ndi mwezi, ndipo anasayina kuti akhala ndi kampaniyo miyezi 12 kapena 24. Pa pepalalo mawu a Chipwitikizi oti muwayang'ane ndi fidelizasau, kutanthauza nthawi imene mwalonjeza kusachoka. Pafupi ndi mawu amenewo pamakhala ena, penalizasau kapena indeminizasau, ndipo pamenepo ndi pamene pabisala ndalama.

WOULUTSA: Ndipo ku Tete kuno anthu sitikhalitsa malo amodzi.

MLENDO: Ndicho chifukwa chake nkhaniyi ndi yathu kuposa ya mizinda ina. Anthu ambiri a ku Chingodzi anabwera kutsatira malasha. Ntchito za makampani ang'onoang'ono othandizira mgodi zimakhala za miyezi yowerengeka. Mgodi wa Moatize weniweniwo unasintha eni ake mu 2022, pamene Vale inagulitsa kwa Vulcan, ndipo nthawi ngati zimenezo ena amasamutsidwa, ena ntchito imatha. Munthu amasayina zaka ziwiri za intaneti pamene nyumba akuchita lendi ya mwezi ndi mwezi, ntchito yake ili ya miyezi isanu ndi umodzi. Mapepala atatuwo sayendera limodzi. Tsiku lina limodzi limaduka, enawo n'kutsala akufuna ndalama.

WOULUTSA: Tipatseni chitsanzo, kuti tione ndi manambala.

MLENDO: Chabwino. Manambala amene nditchule ndi ongoyerekeza kuti tiphunzirirepo, si mitengo ya kampani iliyonse. Tiyerekeze mayi wina ali ndi kashopu kojambula mapepala ndi kusindikiza zikalata pafupi ndi msewu wopita ku bwalo la ndege. Anasayina miyezi 24. Mtengo wa mwezi kwa munthu wosamangidwa unali mametikali 4,000, koma iye poti anavomera zaka ziwiri anamutsitsira kufika pa 3,500. Kulumikiza, kumene kukanadya 6,000, anamuchitira ulere. Rauta ya 4,800 anangomupatsa. Walipira bwinobwino miyezi 14. Tsopano ntchito ya bambo a kunyumba yatha ku Moatize, banja likubwerera kwawo ku Ulongwe, ku Angónia. Apita ku ofesi, mtsikana wa pakauntala ayang'ana pa kompyuta n'kunena kuti: mwatsala ndi miyezi 10, ndiye mulipire 35,000.

WOULUTSA: Miyezi 10 kuchulukitsa ndi 3,500.

MLENDO: Basi. Masamu ake ndi amenewo. Mayiyo alipire zonse ngati kuti akugwiritsabe ntchito intanetiyo, pamene waya auzula. Ambiri akamva choncho amachita chimodzi mwa ziwiri: kukakongola ndalama n'kulipira akulira, kapena kungotseka shopu n'kuthawa mwakachetechete. Zonsezi n'zolakwika, ndipo chachiwiricho n'choipa kwambiri. Tibwererako.

WOULUTSA: Koma amayi, anasayina yekha. Kampani yalakwa pati?

MLENDO: Kufuna chindapusa sikulakwa. Ndinene zoona, chifukwa omvera ena amafuna kuti tiwauze kuti chindapusa chilichonse ndi kuba. Si choncho. Malamulo athu a mapangano ali m'buku lotchedwa Código Civil, la mu 1966, limene dziko lino linapitiriza kugwiritsa ntchito titalandira ufulu. Ndime 406 imati pangano liyenera kukwaniritsidwa monga munagwirizana. Ndime 810 imalola anthu awiri kugwirizana pasadakhale kuti wophwanya pangano adzalipira zakuti. Kampani inakumba ngalande, inatumiza amisiri ndi galimoto, inapereka rauta, ndipo inayembekezera kubweza ndalamazo pang'onopang'ono m'miyezi 24. Mukachoka pakati, ina yatsala m'madzi. Funso lenileni ndi lakuti, yatsala ingati? Pamenepo ndi pamene ndime 812 imalowera. Imati khoti lingathe kuchepetsa chindapusa ngati chili chokwera moonekeratu, ndiponso ngati pangano lakwaniritsidwa kale mbali ina. Ndipo imawonjezera kuti mawu aliwonse a m'kontiratu oletsa kuchepetsako alibe mphamvu. Choncho ngakhale munasayina kuti simudzatsutsa, mawu amenewo ndi mphepo.

WOULUTSA: Ndime 812. Omvera, amene ali ndi cholembera alembe. Ndiye mayi uja awerengetse bwanji?

MLENDO: Akhale pansi ndi kontiratu ndi mafatura ake, afunse funso limodzi: kodi kampaniyi inandipatsa chiyani chifukwa choti ndinalonjeza kukhala? Zinthu zake ndi zitatu. Kulumikiza kwa 6,000 ndi rauta ya 4,800, pamodzi 10,800. Ndalama imeneyi kampani inaimwaza pa miyezi 24, ndiye mwezi uliwonse umabweza 450. Miyezi 14 imene walipira yabweza kale gawo lake. Yatsala miyezi 10, ndiye 4,500. Chachitatu ndi kuchotseredwa kuja kwa 500 pamwezi. Wadya kuchotseredwako miyezi 14, zomwe ndi 7,000. Kampani inganene kuti, tinakutsitsirani poganiza kuti mumaliza zaka ziwiri, simunamalize, bwezani. Ndi mfundo yomveka. Tikaphatikiza 4,500 ndi 7,000, tikupeza 11,500.

WOULUTSA: Kuchoka pa 35,000 kufika pa 11,500.

MLENDO: Ndipo akabweza rauta ili bwino, ndi chingwe chake chamagetsi, angapemphe kuti gawo la rauta lichotsedwe. Rauta yokha pa miyezi 10 yotsalayo ndi 2,000. Zitsala 9,500. Koma ndichenjeze. Masamu amenewa sanalembedwe m'lamulo. Lamulo silinena kuti gawani ndi 24. Limangoti chindapusa chokwera moonekeratu chingachepetsedwe mwachilungamo. Kampani nayo idzati tataya phindu la miyezi 10, ndipo woweruza angamve zimenezo. Ntchito ya nambala yanuyi ndi yoti mukhale ndi poyambira. Munthu amene wangoti ndichitireni chifundo amabwezedwa pakhomo. Amene wabwera ndi pepala lolembedwa kuti munandipatsa zakuti, ndabweza zakuti, zatsala zakuti, amamutengera kwa bwana.

WOULUTSA: Nanga ngati kontiratu sinatchule mtengo wa kulumikiza kapena wa rauta? Ambiri amangolemba kuti ulere.

MLENDO: Funsani mwa kalata kuti akuwerengereni mmene apezera chindapusacho, mzere ndi mzere. Lamulo loteteza ogula, nambala 22 la chaka cha 2009, limapatsa wogula ufulu wodziwitsidwa momveka, ndipo limatsutsa mawu opondereza m'makontiratu aja osindikizidwa kale, amene inu simukambirana nawo, mumangosayina. Mukhozanso kupita ngati kasitomala watsopano n'kufunsa kuti, ndikafuna intaneti popanda kumangidwa, kulumikiza ndi rauta n'zingati? Yankho limenelo ndiye mtengo wa zimene anakupatsani. Apa pali kachinthu kamodzi koti mayi wa shopu adziwe. Lamulo la ogulalo linalembedwa poganizira munthu wogula zogwiritsa ntchito iye mwini ndi banja lake, osati za bizinesi. Ngati kontiratu ili m'dzina la shopu, kampani inganene kuti lamulolo silimukhudza. Koma Código Civil imakhudza aliyense, wa pakhomo ndi wa bizinesi yemwe. N'chifukwa chake ine ndimatsamira pa ndime 812.

(Nyimbo yaifupi.)

WOULUTSA: Mukumvera pulogalamu yathu ya maphunziro, ndipo tikukamba za chindapusa chothetsa kontiratu ya intaneti nthawi isanakwane. Amayi, tawerengetsa. Koma kodi pali njira yoti munthu asalipire ngakhale khobidi?

MLENDO: Ilipo, ndipo kwa mayi wathu uja ndiyo ndikanayamba nayo. Shopu ija sikhala yopanda munthu. Wina adzalowamo, ndipo mwina adzafunanso intaneti. M'malo mothetsa kontiratu, aisamutsire kwa wolowayo. Ndime 424 ya Código Civil imalola munthu kupereka malo ake m'pangano kwa wina, bola mbali inayo ivomereze. Kampani kawirikawiri ilibe chifukwa chokanira: waya uli pomwepo, ndalama zipitiriza kulowa, palibe mmisiri woti atumize. Wolowayo nayenso wapindula, salipira kulumikiza ndipo wamangidwa miyezi 10 yokha. Apite onse awiri ku ofesi, wolowayo atatenga chitupa chake ndi nambala yake ya msonkho, NUIT, asayine, dzina lisinthe.

WOULUTSA: Ambiri timangogwirizana pakamwa. Iwe uzilipira, dzina likhale langa.

MLENDO: Ayi achimwene, musachite zimenezo, ngakhale ndi mlamu wanu. Ndinaonapo zoterezi. Munthu anasiyira mnzake intaneti, iye n'kupita ku Beira. Mnzakeyo analipira miyezi iwiri, wachitatu anasiya. Ngongole yonse ndi chindapusa chomwe zinalondola amene dzina lake lili pa pepala, ndipo ubale unathera pomwepo. Kampani sidziwa za mgwirizano wanu wa pansi pa mtengo wa masawu. Imadziwa dzina limene lili mu kompyuta.

WOULUTSA: Nanga wolowa m'shopu akapanda kupezeka?

MLENDO: Afunse ngati kampaniyo ingasamutse intanetiyo kupita nayo ku Ulongwe. Ikavomera, kontiratu ipitirira, chindapusa palibe, mwina angolipira kusamutsako. Ikati kumeneko sitifikako, mayiyo wapeza mfundo yamphamvu pokambirana: ine ndikufuna kupitiriza, inu ndinu amene simungathe kunditumikira kumene ndikupita. Auzeni alembe yankho limenelo. Si lamulo kuti pamenepo chindapusa chafa, koma woweruza aliyense angaone kuti munthuyu sakuthawa. Kwa amene sakusamuka koma ndalama zangochepa, pali kutsikira ku phukusi lotchipa, kapena kupempha kuti ayimitse kwa miyezi iwiri kapena itatu. Pamenepo tsegulani maso, chifukwa kusintha phukusi nthawi zina kumayambitsanso fidelizasau kuchokera pa mwezi woyamba. Munthu amalowa mu ofesi atatsala ndi miyezi 10, n'kutuluka ali ndi 24 yatsopano, akumwetulira kuti amutsitsira mtengo. Musanasayine, funsani kuti tsiku lotha kontiratu likhala liti, ndipo lilembedwe.

WOULUTSA: Tsopano ndifunse za ine mwini. Chaka china kwathu intaneti inkangoduka. Mvula ikagwa, zii. Dzuwa la Okutobala likaswa mtengo, zii. Ndinatopa, ndinangosiya kulipira. Patapita miyezi, kalata ya ngongole inabwera.

MLENDO: Munali ndi mlandu wabwino, koma munauwononga nokha. Pepani kunena choncho pa wailesi.

WOULUTSA: Nenani amayi, ena aphunzirepo.

MLENDO: Kampani ikalephera kupereka chimene inalonjeza, wophwanya pangano ndi iyo, ndipo wochoka chifukwa cha zimenezo sayenera chindapusa. Koma muyenera kuonetsa umboni, komanso kuipatsa mpata wokonza. Tengani kope la sukulu. Tsiku lililonse intaneti ikaduka lembani deti, ola limene yaduka, ola limene yabwerera. Mukaimba foni kudandaula, pemphani nambala ya dandaulo lanu n'kuilemba pomwepo. Ngati munalonjezedwa liwiro lakuti koma mukulandira lochepa, yezani pafoni kapena pakompyuta nthawi zosiyanasiyana, mujambule zimene zaoneka. Pakatha mwezi kapena iwiri, lembani kalata: kuyambira tsiku lakuti mpaka lakuti intaneti yaduka masiku akuti, madandaulo anga ndi awa, ndikukupatsani masiku 15 kuti mukonze, mukapanda kutero ndidzaona kuti pangano mwaliphwanya ndinu ndipo ndidzalithetsa. Ndime 808 ndiyo imapereka njira imeneyi, yoika nthawi yokwanira kwa wochedwa kukwaniritsa. Lamulo silitchula masiku 15, limangoti nthawi yoyenera. Ine ndimaika 15 chifukwa palibe anganene kuti yachepa pokonza waya. Masikuwo akatha osakonza, lembani kalata yachiwiri yothetsa.

WOULUTSA: Pamene ine ndinangokhala chete n'kusiya kulipira.

MLENDO: Ndipo m'mabuku mwao inu munaoneka ngati wangongole wamba. Kusiya kulipira sikuthetsa kontiratu. Mafatura amapitiriza kutuluka, chiwongoladzanja chimakwera, pomaliza kampani ndiyo imathetsa chifukwa cha inu, n'kuika chindapusa chonse pamwamba. Amene amalipira kudzera ku banki, ndalama zikumachoka zokha mu akaunti, asathamangire kukatseka ku banki asanapereke kalata. Kalata iyambe, banki ibwere pambuyo, tsiku lothetsa litadziwika. Palinso chifukwa china chachikulu chosakhalira ndi ngongole. Tonse tikukumbukira madzi a Revúbuè mu Malichi 2019, ndiponso mu Januwale 2022 pa namondwe Ana, pamene mlatho wa pa mtsinjewo unaduka ndipo nyumba zambiri kuno ku Chingodzi zinalowa madzi. Munthu amene nyumba yake yagwa ndi madzi otere angatsamire pa ndime 437, imene imalola kuthetsa kapena kusintha pangano zinthu zikasintha modabwitsa, mosayembekezeka. Koma ndime yotsatira, 438, imati amene anali kale m'mbuyo ndi malipiro pa nthawi imene tsokalo linagwa sangagwiritse ntchito ufulu umenewo. Mwezi umodzi wosalipira ungakutsekereni khomo limenelo.

WOULUTSA: Kodi kutha kwa ntchito nakonso kumalowa pa ndime 437?

MLENDO: Musadalire. Ndimeyo ndi yopapatiza, ndipo makhoti saitsegula wamba. Munthu amene ntchito yake inali ya miyezi yowerengeka ankadziwa kuti idzatha, ndiye n'kovuta kunena kuti zamudzidzimutsa. Tchulani kutha kwa ntchito m'kalata, phatikizanipo umboni wake, zimathandiza kufewetsa mitima pokambirana, koma si chikopa. Ndipo apa ndionjezere chinthu chimene chimasokoneza ana athu ophunzira. Amafufuza pa intaneti m'Chipwitikizi, n'kupeza nkhani zonena kuti ukachotsedwa ntchito kapena ukadwala nthawi yaitali uli ndi ufulu wochoka osalipira. N'zoona, koma ku Portugal, pa lamulo lawo la mu 2022. Chilankhulo n'chimodzi, malamulo ndi osiyana. Chimodzimodzi abale athu amene anakhalako ku Joni. Kumeneko lamulo la ogula la mu 2008 limalola kuthetsa kontiratu yotere popereka chidziwitso cha masiku 20 ogwira ntchito, n'kulipira chindapusa choyenera. Amabwera nazo kuno n'kumakalipa pakauntala kuti masiku 20. Wa pakauntala amangowayang'ana. Kuno tchulani malamulo a kuno, ndipo masiku a chidziwitso awerengeni m'kontiratu yanu.

(Nyimbo yaifupi.)

WOULUTSA: Tibwerere kwa mayi wa ku shopu uja. Tinene kuti wolowa sanapezeke, ndipo ku Ulongwe kampaniyo sifikako. Kalata yake ilembedwe bwanji?

MLENDO: Ikhale ya tsamba limodzi, m'Chipwitikizi, chifukwa ndicho chilankhulo cha maofesi. Amene sachilemba bwino apemphe mwana wa sukulu kapena mphunzitsi. Pamwamba dzina, nambala ya kasitomala ndi nambala ya kontiratu. Kenaka anene tsiku limene akufuna kuti intaneti ithe. Ayang'ane kaye m'kontiratu kuti chidziwitso chiyenera kuperekedwa masiku angati. Zambiri zimati 30. Akachedwa ndi sabata imodzi yokha, mwezi wina wathunthu wa 3,500 umagwera pa iye. Anene chifukwa chochokera, mwachidule. Anene kuti walipira miyezi 14 mosaphonya. Ndiye aike masamu aja, n'kumaliza kuti: ndikuvomera kulipira 9,500 ndi kubweza rauta, ndipo ndikuona kuti 35,000 ndi yokwera moonekeratu malinga ndi ndime 812 ya Código Civil. Mawu achipongwe asalowemo. Apange makope awiri. Imodzi asiye, inayo aidinditse chidindo cha kampani, karimbu ija, ndi deti ndi dzina la wolandira. Kalata yopanda chidindo ili ngati sinafike.

WOULUTSA: Akakana kuilandira?

MLENDO: Zimachitika. Apemphe buku la madandaulo, alembemo, atenge kope yake. Atumizenso kalatayo pa imelo ya kampani kuti pakhale deti. Komanso asataye nthawi kukangana ndi wa pakauntala. Mwana uja sanalembe kontiratu, ndipo alibe mphamvu yochotsa ngakhale metikali imodzi. Apemphe mwaulemu kuti kalatayo ipite kwa woyang'anira nthambi kapena ku likulu ku Maputo.

WOULUTSA: Ndiye kampani ingovomera 9,500?

MLENDO: Mwina ayi. M'nkhani zotere kawirikawiri anthu amakumana pakati. Tinene kuti kampani yayankha kuti 16,000. Mayiyo aganize bwino. Kusiyana kwa 16,000 ndi 9,500 ndi 6,500. Mlandu wa kukhoti umadya nthawi, ndipo iye adzakhala ali ku Angónia, kukwera shapa kubwera ku Tete tsiku lililonse la mlandu. Ine ndikanamulangiza kuti ayese kutsitsako pang'ono, mwina 13,000, apemphe kulipira m'magawo atatu kapena anayi, avomere. Khoti ndi ndodo yoimika pakona kuti aione. Kuigwiritsa ntchito pa ndalama zochepa chotere kumapweteka mwini wake. Koma kampani ikaumirira pa 35,000 yonse, pamenepo apite patsogolo. Za matelefoni ndi intaneti woyang'anira wake ndi INCM, ndipo amalandira madandaulo a makasitomala. Atengereni kalata yodindidwa ija ndi yankho la kampani, chifukwa adzafuna kuona kuti munayamba mwadandaula kwa kampaniyo. Amene alibe ndalama ya loya apite ku IPAJ, bungwe la boma lothandiza anthu osauka pa milandu.

WOULUTSA: Akalipira zimene agwirizana, nkhani yatha?

MLENDO: Yatha akalandira mapepala awiri. Loyamba ndi lonena kuti kontiratu nambala yakuti yathetsedwa pa tsiku lakuti ndipo palibe ngongole yotsala. Lachiwiri ndi risiti ya rauta, yokhala ndi nambala ija yolembedwa kunsi kwake. Anthu amabweza rauta kwa mmisiri amene wabwera ndi galimoto, osalandira kalikonse, patapita miyezi itatu fatura ya rauta yosabwezedwa n'kutulukira. Ngati poyamba munapereka ndalama ya chikole, kawusau, ikumbukireni, ichotsedwe pa chindapusacho.

WOULUTSA: Nthawi yatsala pang'ono. Achinyamata ena atifunsa za malo olimbitsira thupi, majimu amene achuluka mumzinda muno.

MLENDO: Kumeneko vuto limakhala lotembenuka. Kawirikawiri munthu amalipiriratu miyezi itatu, isanu ndi umodzi kapena chaka kuti amutsitsire, ndiye akafuna kuchoka, ndalama zili kale m'manja mwa mwini jimu. Masamu ake ndi omwewo. Ngati mwezi umodzi ndi 2,000 ndipo munalipira 9,000 ya miyezi isanu ndi umodzi, n'kuchoka itatha itatu, werengani miyezi itatuyo pa mtengo wathunthu, 6,000, mupemphe 3,000 yotsalayo. Eni majimu ambiri safuna kutulutsa ndalama m'kabati, koma amavomera msanga kuti miyezi yotsalayo muipereke kwa mnzanu, kapena aiyimitse mpaka mutachira ngati mwavulala ndipo muli ndi kalata ya kuchipatala. INCM ilibe nawo gawo majimu. Za malonda otere amayang'anira ndi oyendera malonda a boma.

WOULUTSA: Mawu amodzi kwa amene akufuna kusayina sabata ino.

MLENDO: Afunse mitengo iwiri, wa womangidwa ndi wa wosamangidwa, aike pambali pa kutalika kwa ntchito yake ndi lendi yake. Mayi wathu uja akanasankha wosamangidwa akanalipira 10,800 tsiku loyamba ndi 4,000 pamwezi, n'kuchoka tsiku limene wafuna. Masiku ano kulinso makampani, monga Starlink imene inayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2023, amene mumagula chipangizo chanuchanu n'kumalipira mwezi ndi mwezi. Ndalama yoyambira ndi yambiri, koma chipangizocho mumasamuka nacho. Ndipo ayang'ane mzere wonena zimene zimachitika miyezi 24 ikatha. Makontiratu ena amadziyambitsanso okha ngati simunalembe kalata masiku 30 tsikulo lisanafike.

WOULUTSA:  Omvera, amene muli ndi kontiratu yotere m'sutikesi, itulutseni madzulo ano, mupeze tsiku limene ikutha ndi masiku a chidziwitso, muzilembe pa kalendala ya pakhoma. Amene simutha kuwerenga Chipwitikizi cha timalemba ting'onoting'onoto, bweretsani kope yake kuno ku wailesi mutaphimba dzina ndi nambala yanu, tidzaiwerengera limodzi mu pulogalamu ya sabata yamawa. Tsalani bwino.

(Nyimbo yotsekera.)